Phunziro la Chiswahili: Kunenerera Mtengo Mwaulemu Koma Mosagonja

Anthu ambiri a kwathu, makamaka amayi ochita malonda a nsalu, amaoloka mtsinje wa Songwe kunka ku Tanzania kukapikula katundu. Ena amathera pa Kyela, ena amafika ku Mbeya, ndipo ena amapitirira mpaka ku Dar es Salaam, ku misika ya Kariakoo. Dzina lakuti Kariakoo linachokera ku msasa wa amtengatenga a pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, koma lero ndi malo a masitolo ndi misika yaikulu. Konseko malonda amachitika m'Chiswahili, ndipo pa katundu wambiri mtengo woyamba kutchulidwa sindiwo womaliza. Wogulitsa amayembekeza kuti wogula anenerere.

Kunenerera tonse timakudziwa, pakuti timachita pa misika yathu sabata ndi sabata. Chovuta n'chakuti munthu akangotenga mawu a kwathu ndi kuwatembenuza limodzilimodzi, zinthu ziwiri zimachitika. Nthawi zina mawu ake amamveka aukali pamene iye sanafune kukalipa, ndipo wogulitsa amauma mtima. Nthawi zina amachita manyazi ndi chilankhulo cha eni, nangovomera mtengo uliwonse kuti nkhani ithe msanga. M'phunziro lino tiona kumene ulemu umakhala m'Chiswahili, tionenso mawu okanira mtengo popanda kukhumudwitsa munthu. Mfundo yake ndi imodzi: kufatsa kukhale m'mawu anu, ndipo kulimba kukhale pa nambala imene mwatchula.

Kumene ulemu umakhala

M'Chichewa timalemekeza munthu pomuchulukitsa. Kwa mayi mmodzi timati "mukugulitsa bwanji?" ndipo kunena kuti "ukugulitsa bwanji?" ndi mwano. Chiswahili cha pa msika sichitero. Munthu mmodzi, ngakhale akhale wa imvi, amalankhulidwa ngati mmodzi. *Unauzaje?* likatembenuzidwa liwu ndi liwu ndi "ukugulitsa bwanji?" koma mwa ilo mulibe chipongwe. Tsono musakwiye mnyamata wa m'sitolo akakufunsani kuti *Unataka nini, mama?* Sakukuderani. Akunena chimene ife tikadati, "Mukufuna chiyani, amayi?"

Nanga ulemu wawo uli pati? Uli m'zinthu zitatu.

Choyamba ndi moni. Musayambe ndi mtengo. Wogulitsa akakuonani adzati *Karibu*, ndiko kuti "Fikani," ndipo inu muyankhe *Asante*, "Zikomo." Kenaka mufunse *Habari za kazi?* ("Ntchito ikuyenda bwanji?") kapena *Habari za asubuhi?* ("Mwadzuka bwanji?"). Yankho lake ndi *Nzuri* kapena *Salama*. Ngati wogulitsayo ndi wamkulu woti n'kukubalani, moni woyenera ndi *Shikamoo*, ndipo iye adzayankha *Marahaba*. Moni ameneyu amachokera kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu, sabwerera.

Chachiwiri ndi dzina loitanira. Mayi wamkulu ndi *mama*, bambo ndi *baba*, nkhalamba ndi *mzee*. Mkazi wa msinkhu wanu ndi *dada*, mwamuna wa msinkhu wanu ndi *kaka*. Mayina amenewa amagwira ntchito imene "inu" amagwira kwathu, ndipo n'kwabwino kuwaika kumapeto kwa mawu, makamaka pokana. Kuitana munthu kuti *Wewe!* popanda dzina kuli ngati kufuula kuti "Iwe!" pakati pa msika.

Chachitatu ndi liwu lakuti *naomba*, limene litanthauza "ndikupempha." N'losavuta kukumbukira. Kwathu timaomba m'manja polandira kapena popempha kanthu kwa akulu, ndipo ku Tanzania liwu lakuti *naomba* lili ngati kuomba m'manja komweko, koma ndi pakamwa. Anthu akumeneko amalinena ngakhale pogula chinthu ndi ndalama zawo. *Nataka* ndi "ndikufuna," ndipo si kutukwana, koma n'louma. Taonani masitepe atatu a pempho limodzi:

*Punguza bei.* Tsitsa mtengo.
*Nipunguzie kidogo.* Nditsitsireniko pang'ono.
*Naomba unipunguzie kidogo, mama.* Ndikupempha munditsitsireko pang'ono, amayi.

Onse atatu amamveka pa msika, koma mlendo ayambe ndi lachitatu. Onaninso m'mene *punguza* lasandukira *punguzia*, monga "tsitsa" amasandukira "tsitsira." Zilankhulo ziwirizi n'zapachibale, ndipo kachidutswa kameneka kamatanthauza kuchitira wina kanthu mu zonse ziwiri.

Mawu ofanana ndi athu amene amanyenga

Chibale chomwecho ndicho chimagwetsa anthu, pakuti mawu ena amamveka ngati athu pamene tanthauzo lake ndi lina.

Loyamba ndi *kuuza*. Kwathu kuuza munthu ndi kumudziwitsa kanthu. M'Chiswahili *kuuza* ndi kugulitsa, ndipo kugula ndi *kununua*. Munthu wofuna kunena kuti "ndiuzeni mtengo" akhoza kuyamba ndi *niuze*, namva anthu akuseka, chifukwa wanena kuti "ndigulitseni ine," ngati kuti iye mwini ndiye katundu. "Ndiuzeni" ndi *niambie*. "Ndigulitseni chinthuchi," ndiko kuti gulitsani kwa ine, ndi *niuzie*. Kalemba kamodzi kokha ndiko kasiyanitsa *niuze* ndi *niuzie*.

Lachiwiri ndi kachidutswa ka *na* m'kati mwa mneni, ndipo ili ndilo lingakudyereni ndalama. Ife tikati "ndinagula" tikunena za kale. M'Chiswahili *ninanunua* ndi "ndikugula" tsopano lino. Za kale amati *nilinunua*, za m'tsogolo *nitanunua*. Tiyerekeze kuti mayi akufuna kukumbutsa wogulitsa kuti ulendo watha anagula nsalu pa mashilingi 16,000, ndipo lero akufuna mtengo wotsikirapo chifukwa atenga zambiri. Akanena *ninanunua kwa elfu kumi na sita*, wogulitsa amva kuti "ndikugula pa 16,000," nayamba kukulunga. Mayiyo wadzitsekera yekha njira yonenerera. Anayenera kunena *Safari iliyopita nilinunua kwa elfu kumi na sita*.

Lachitatu ndi "pepani." Kwathu liwu limodzi limeneli timapepesera nalo tikalakwa, timatonthozera nalonso wodwala. Chiswahili chili ndi mawu awiri. *Samahani* ndi popepesa kapena popempha njira, ndipo *pole* ndi pomvera munthu chisoni. Pokana mtengo munene *Samahani, siwezi* ("Pepani, sindingathe"). Mukanena *pole* mudzamveka ngati mukumuuza kuti "zako izo, wataya malonda." Koma *Pole na kazi* ndi mawu okoma ouza munthu amene mwamupeza akugwira ntchito, ndipo mukhoza kuwanena pamodzi ndi moni.

Mawu ena ndi abwenzi enieni. *Basi* ndi basi yemweyo. *Kuongeza* ndi kuonjeza, ndipo *nyongeza* ndi basera. *Kupunguza* n'kwapachibale ndi kupungula kwathu. Enanso oyenera kuloweza ndi *bei* (mtengo), *ghali* (chodula), *hela* kapena *pesa* (ndalama), *faida* (phindu), *jumla* (mtengo wopikulira) ndi *rejareja* (mtengo wogulira chimodzichimodzi).

Manambala

Munthu sangalimbe pa nambala imene sakuimva. Kwathu tinazolowera kuwerenga ndalama m'Chingerezi, koma pa misika ya ku Tanzania mitengo imatchulidwa m'Chiswahili. Kuyambira 1 mpaka 10 ndi *moja, mbili, tatu, nne, tano, sita, saba, nane, tisa, kumi*. Makumi awiri ndi *ishirini*, makumi atatu *thelathini*, makumi anayi *arobaini*, makumi asanu *hamsini*. *Mia* ndi 100, *elfu* ndi 1,000, ndipo *laki* ndi 100,000. Motero *elfu kumi na tano* ndi 15,000, ndipo *laki moja na nusu* ndi 150,000, pakuti *nusu* ndi theka.

Chenjerani ndi zinthu zitatu. *Sita* (6) ndi *tisa* (9) amasokoneza khutu la mlendo, chimodzimodzinso *thelathini* (30) ndi *themanini* (80). Chachiwiri, ogulitsa amakonda kusiya liwu la *elfu*, nangoti *kumi na tano* pamene akunena 15,000. Chachitatu, *elfu kumi na tano* (15,000) si chimodzi ndi *elfu kumi na mia tano* (10,500). Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: *Naomba uniandikie*, "Ndikupempha mundilembere." Nambala yolembedwa pa pepala kapena pa lamya ya m'manja siyambitsa mkangano.

Funsaninso muyeso musanayambe kunenerera. Nsalu zambiri zimagulitsidwa pa *doti*, ndiyo nsalu ziwiri zosadulana. Funso lake ndi *Bei hii ni ya doti au ya kipande kimoja?* ("Mtengo umenewu ndi wa doti kapena wa nsalu imodzi?"). Safunsa anadya phula.

Chitsanzo cha pa benchi la nsalu

Tiyeni tsopano titsate mayi wina amene akufuna madoti khumi a zitenje. Mitengo ya m'chitsanzo chino ndi yophunzirira chabe, pakuti mitengo yeniyeni imasintha. Mayiyu asanayambe kunenerera anayamba wazungulira mabenchi atatu, nafunsa mtengo wa chitenje cha mtundu womwewo, namva 20,000, 18,000 ndi 19,000. Kenaka anawerengera ndalama za ulendo, msonkho wa pa chipata ndi mtengo umene adzagulitsire kwawo, napeza kuti sangapitirire 15,000 pa doti imodzi. Nambala imeneyi waisunga mumtima. Wogulitsa ndi mkazi wa msinkhu wake.

Wogulitsa: *Karibu, dada.* (Fikani, achemwali.)
Wogula: *Asante. Habari za kazi?* (Zikomo. Ntchito ikuyenda bwanji?)
Wogulitsa: *Nzuri tu, karibu uangalie.* (Bwino ndithu, fikani muone.)
Wogula: *Kitenge hiki ni kizuri. Doti unauzaje?* (Chitenje ichi n'chabwino. Doti mukugulitsa bwanji?)
Wogulitsa: *Elfu ishirini.* (20,000.)
Wogula: *Ni ghali kidogo kwangu. Naomba unipunguzie, dada.* (Kwa ine chadulako. Ndikupempha munditsitsire, achemwali.)
Wogulitsa: *Wewe una ngapi?* (Inu muli ndi zingati?)
Wogula: *Nitakupa elfu kumi na mbili.* (Ndikupatsani 12,000.)
Wogulitsa: *Hailipi, dada. Fanya kumi na nane.* (Sizipindula, achemwali. Chitani 18,000.)
Wogula: *Kumi na tatu na mia tano.* (13,500.)
Wogulitsa: *Ongeza kidogo. Kumi na saba.* (Onjezani pang'ono. 17,000.)
Wogula: *Nikichukua doti kumi, bei ya jumla ni ngapi?* (Ndikatenga madoti khumi, mtengo wopikulira ndi zingati?)
Wogulitsa: *Kwa kumi, nakufanyia kumi na sita.* (Pa khumi, ndikuchitirani 16,000.)
Wogula: *Kumi na nne na mia tano. Natoka mbali, nauli ni kubwa.* (14,500. Ndikuchokera kutali, ndalama zoyendera n'zambiri.)
Wogulitsa: *Hapo sipati faida. Kumi na tano na mia tano.* (Pamenepo sindipeza phindu. 15,500.)
Wogula: *Mwisho wangu ni elfu kumi na tano. Siwezi kuzidi hapo, dada yangu.* (Pothera panga ndi 15,000. Sindingapitirire pamenepo, mchemwali wanga.)
Wogulitsa: *Ongeza mia tano tu.* (Onjezani 500 yokha.)
Wogula: *Samahani, hela yangu haitoshi. Asante sana, ngoja nizunguke kwanza.* (Pepani, ndalama zanga sizikwana. Zikomo kwambiri, ndiyambe ndazungulira kaye.)
Wogulitsa: *Haya, njoo. Lete hela.* (Chabwino, bwerani. Bweretsani ndalama.)
Wogula: *Kwa hiyo doti kumi ni laki moja na nusu?* (Tsono madoti khumi ndi 150,000?)
Wogulitsa: *Ndiyo.* (Inde.)
Wogula: *Asante, dada. Nitarudi kwako.* (Zikomo, achemwali. Ndidzabweranso kwa inu.)

Chimene mayiyu anachita

Pa mtengo woyamba madoti khumi akadadya 200,000. Mayiyu walipira 150,000, ndipo asiyana akumwetulirana. Tiyeni tione zimene zinamuthandiza.

Sananyoze katundu. Anayamba n'kuyamikira chitenje, ndipo podandaula anati *ghali kwangu*, "chadula kwa ine." Pa chifukwa chilichonse chimene anapereka, cholakwa anachiika pa thumba lake: akuchokera kutali, ndalama sizikwana. Wogulitsa angathe kutsitsira mlendo wochepa ndalama popanda kuchita manyazi pamaso pa anzake. Koma mukamuuza kuti nsalu yake ndi yachabe, kutsitsa mtengo kudzakhala ngati kuvomera kuti mwanena zoona, ndipo sadzafuna.

Pa funso lakuti *Una ngapi?* sanaulule zonse za m'thumba. Funso limeneli si lofuna kudziwa chuma chanu, koma kungokuitanani kuti mutchule nambala yanu. Iye anatchula 12,000, imene ili pansi pa malire ake ndi 3,000, kuti akhale ndi pokwerera. Akadayamba ndi 15,000 sakadakhala ndi choonjeza, ndipo wogulitsa akadamuona ngati wouma mtima. Akadayamba ndi 5,000 wogulitsa akadaona kuti si wogula weniweni, natembenukira kwa wina.

Masitepe ake ankachepa. Anakwera ndi 1,500, kenaka 1,000, kenaka 500. Wogulitsa wodziwa ntchito amamva yekha kuti mlendo akuyandikira pothera pake. Ndiponso sanakwere kawiri motsatizana: nthawi zonse anadikira kuti mnzake atsike, ndipo pamenepo iye nakwera.

Nkhani ya madoti khumi anaisunga. Anaitulutsa mtengo wa doti imodzi utatsika kale kufika pa 17,000, motero kuchuluka kwa katundu kunatsitsanso mtengo kachiwiri.

Liwu lakuti *mwisho* analinena kamodzi kokha, naima pomwepo. Ili ndilo phata la kulimba. Mukanena *mwisho wangu* kenaka n'kuonjezanso, wogulitsa adziwa kuti mawu anu alibe msana, ndipo adzakukokani mpaka pamene iye afuna. Onani kuti pa mawu olimbitsitsa a nkhani yonse m'pamene mayiyu anaika dzina lokoma koposa, *dada yangu*. Nambala inali yosasunthika, koma mawu anali ofewa.

Pomaliza anabwereza mtengo wonse asanatulutse ndalama, kuti pasakhale kunena kuti wina anamva zina.

Kuzindikira kuti wogulitsa wafikadi pothera

Si nthawi zonse wogulitsa amakuitanani mukachoka. Mawu akuti *Hailipi* ndi *Sipati faida* amanenedwa pa malonda alionse, ndipo pa okha satsimikiza kanthu. Chizindikiro chenicheni chili m'manja ndi m'maso. Ngati wayamba kupinda nsalu ndi kuibwezera pa mulu, nati *Karibu tena* ("Mudzabwerenso") osakuitanani, dziwani kuti mtengo wanu uli pansi pa umene iye angalole. Musakwiye. Yesani benchi lachiwiri ndi lachitatu. Onse akakulolani kupita, ndiye kuti malire anu ndiwo atsikitsa, ndipo muyenera kusankha: kugula nsalu ya mtengo wocheperapo, kapena kuwerengeranso ngati phindu lingatsalebe mutaonjeza. Kubwerera ku benchi loyamba si manyazi ngati munachokapo ndi *asante*. Mungoti *Nimerudi, dada*, "Ndabwerera, achemwali."

Pali lamulo limodzi limene silisiyana ndi la kwathu. Mukatchula mtengo wogulitsa navomera, malonda atha, ndipo muyenera kugula. Kutchula nambala pongoyesa, kenaka n'kuchoka atavomera, ndi chipongwe chachikulu kuposa liwu lililonse lolakwika. Ngati mukungoona chabe, nenani poyamba pomwe kuti *Naangalia tu*, "Ndikungoona." Wina akakukakamizani ndi katundu amene simukumufuna, *Hapana, asante* ("Iyayi, zikomo") ndi lokwanira. *Sitaki*, "sindifuna," ndi louma ngati la mwana wokana phala.

Ku misika yaikulu mudzakumananso ndi anyamata okutsogolerani ku masitolo. Ameneyo ndi *dalali*, mkhalapakati, ndipo gawo lake limalowa mu mtengo umene mudzalipire. Musanayambe kunenerera mungathe kufunsa mofatsa kuti *Wewe ndiye mwenye duka?* ("Kodi ndinu mwini sitolo?").

Mawu oyenera kuwasiya kumudzi

Pa msika wa kwathu, ndi munthu wodziwana naye, timaseka kuti "mukutibera inu," ndipo palibe amene amakwiya, chifukwa kamvekedwe ka mawu kamasonyeza kuti ndi nthabwala. Kamvekedwe kameneko sikaoloka Songwe. M'kamwa mwa mlendo *Unaniibia* ("Ukundibera") ndi *Uongo* ("Bodza") zimamveka ngati kuimba munthu mlandu. Koposa zonse musatchule liwu lakuti *mwizi*, ndiye wakuba, ngakhale moseka. Pakati pa khamu liwu limeneli ndi mfuwu, ndipo anthu angathamangire munthu wosalakwa ndi kumuvulaza. Ngati mwaona kuti mtengo ndi wopitirira, nenani zimene mwaona: *Pale nimeambiwa elfu kumi na nane*, "Paja andiuza 18,000." Koma zikhale zoona, pakuti ogulitsa a mzere umodzi amadziwana mitengo.

Kumene sanenerera

Pa zinthu zounjika m'milu, monga tomato ndi anyezi, mwambo wake ndi wonga wa kwathu. Mulu ndi *fungu*, ndipo mtengo wa mulu kawirikawiri sutsika. Chimene mungapemphe ndi basera mutagula kale: *Naomba nyongeza, mama*, kapena *Niongezee kidogo*. M'masitolo mmene mitengo yalembedwa pa katundu, ndiponso pamene wogulitsa wanena kuti *Bei haipungui* ("Mtengo sutsika"), musaumirire. Koma mukamva *Maelewano yapo*, ndiko kuti "kumvana kulipo," dziwani kuti khomo lonenerera n'lotsegula.

Kwa aphunzitsi

Phunziro ili limalowa msanga likachitidwa ngati sewero. Gawani ophunzira awiriawiri, wina wogula wina wogulitsa. Wogula alembe malire ake pa kapepala, wogulitsanso alembe mtengo umene sangatsike kupitirira, ndipo asaonetsane. Anenerere m'Chiswahili, kenaka atsegule timapepala. Nthawi zina mudzapeza kuti malire a wogula anali pansi pa a wogulitsa, ndipo amenewo ndiwo adzaphunzire kusiyana bwino popanda kugula. Pambuyo pake ayankhe mafunso awa:

1. Kodi *niuze*, *niuzie* ndi *niambie* zisiyana bwanji?
2. Lembani m'manambala: *elfu kumi na tisa*, *elfu kumi na mia tano*, *laki mbili na nusu*.
3. Tembenuzani: "Chaka chatha ndinagula pa 14,000." Chaka chatha ndi *mwaka jana*.
4. Wogulitsa ndi bambo wachikulire. Mupatseni moni, mufunse mtengo, ndipo mukane mwaulemu.
5. Wogula wanena *mwisho wangu* pa 15,000, ndipo wogulitsa wapempha *mia tano tu*. Ayankhe chiyani?

Inu amene mukukonzekera ulendo, lembani manambala ndi mawu a m'chitsanzo chija pa kapepala, muziwerenga m'basi. Ndipo musanatsike, lembaninso nambala imodzi imene simudzaidutsa.